Liwu limodzi loti "mphamvu" likabisa zinthu zitatu za m'Fizikisi

Ndimaphunzitsa Fizikisi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Salima, ndipo pali funso limene ndimapereka kwa ana a Fomu 2 chaka ndi chaka. Limalembedwa m'Chingerezi monga amalembedwera mafunso onse, koma m'Chichewa limamveka chonchi. Anyamata awiri akukweza matumba a mpunga mu lole ku Lifuwu. Thumba lililonse ndi la makilogalamu 50, ndipo poikapo matumbawo m'pokwera mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Woyamba wakweza thumba lake m'masekondi 3, wachiwiri m'masekondi 5. Ndani wapatsa thumba eneje yambiri? Nanga ndani ali ndi pawa yambiri?

Ambiri amayankha kuti woyamba, kawiri konse. Chaka china ndinaitana mtsikana wina amene amakhoza bwino Masamu kuti andiuze chimene chinamusokoneza. Anabwera ndi kope lake n'kunena mwaulemu kuti, "Sala, komatu mwafunsa funso limodzi kawiri." Nditayang'ana m'kopemo ndinaona kuti pamwamba pa mawu ovuta a Chingerezi ankalembapo tanthauzo la Chichewa ndi pensulo, timalemba ting'onoting'ono. Pamwamba pa eneje analemba "mphamvu". Pamwamba pa pawa analembanso "mphamvu". Nditatsegula masamba a m'mbuyo, pamene tinaphunzira za fosi, napo panali "mphamvu". Mwanayo sananame. M'mutu mwake funso linafika lili loti: ndani ali ndi mphamvu zambiri, nanga ndani ali ndi mphamvu zambiri?

Anthu akamakamba za vuto la kuphunzira m'Chingerezi amathamangira kunena kuti ana sadziwa mawu okwanira. N'zoona, koma vuto limenelo ndi losavuta kuliona: mwana akakumana ndi liwu losalidziwa amaima, n'kufunsa mnzake. Limene ndikufuna tilione bwino ndi ili la mwana amene akuganiza kuti wamva, chifukwa wapeza liwu la Chichewa loyika pamalopo, pamene liwulo laphatikiza zinthu zimene phunzirolo likufuna kuzilekanitsa. Mwana wotere safunsa, popeza kwa iye palibe chovuta.

Kuti timvetse chifukwa chake ana ambiri amafika ku sekondale akutembenuza liwu ndi liwu, tiyenera kukumbukira njira imene adutsa. Kuyambira 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, mwana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, kenaka Chingerezi n'kutenga malo mu Sitandade 5. Mu 2014 unduna wa maphunziro unalengeza kuti Chingerezi chiziyambira mu Sitandade 1, kutsatira lamulo la maphunziro la 2013, koma aliyense amene anaimapo pazenera la kalasi ya Sitandade 2 kumudzi akudziwa chiyankhulo chimene chimamveka m'menemo. Choncho kusintha kwenikweni kumam'peza mwana pakati pa pulayimale, asanakhale ndi Chingerezi choganizira. Kunyumba, kudimba, kunyanja ndi pamjigo akuyankhula Chichewa, ena Chiyao. Kumpoto kwa Nkhotakota ena akuyankhula Chitonga. Koma mayeso a MANEB a Sitandade 8 amabwera m'Chingerezi, kupatula pepala la Chichewa lokha. Mwana wanzeru amadzipezera njira ziwiri zopulumukira: kuloweza notsi momwe zilili, ndi kulemba liwu limodzi la Chichewa pamwamba pa liwu la Chingerezi. Ku pulayimale njira ziwirizi zimamuwolotsa. Ku sekondale zimayamba kumutaya.

Tiyeni tibwerere ku matumba aja, tione zimene liwu loti mphamvu linabisa.

Fosi ndi kukankha kapena kukoka, ndipo imayezedwa m'manyutoni, amene chizindikiro chake ndi N. Dziko limakokera thumba lija pansi, ndipo pa kilogalamu iliyonse limakoka ndi manyutoni pafupifupi 10. Ndiye thumba la makilogalamu 50 likukokedwa ndi manyutoni 500, ndipo mnyamata ayenera kulinyamula ndi fosi yofanana ndi imeneyo kuti likwere. Pano sitinatchule mtunda kapena nthawi. Ngakhale atangoligwira m'malere osasuntha, fosiyo ilipo.

Eneje imalowa pamene fosiyo yasunthitsa chinthu mtunda wina. Timachulukitsa fosi ndi mtunda kuti tipeze ntchito yochitika, yolembedwa W m'fomula, ndipo yankho limakhala m'majulu, amene chizindikiro chake ndi J.

```
F = m × g = 50 × 10 = 500 N
W = F × d = 500 × 1.5 = 750 J
```

Onani kuti masekondi sanaoneke paliponse. Wothamanga uja ndi wochedwa uja onse apatsa thumba majulu 750, chifukwa thumba ndi lomwelo, lole ndi yomweyo. Yankho la gawo loyamba ndi lakuti afanana.

Pawa ndiyo imafunsa za nthawi: majulu angati pa sekondi iliyonse? Imayezedwa m'mawati.

```
P = W ÷ t
750 ÷ 3 = 250 W
750 ÷ 5 = 150 W
```

Apa ndiye woyamba wapambana. Masamu onsewa ndi a Sitandade 6, ndipo mtsikana uja anawamaliza pamtima nditangom'lekanitsira mawuwo. Chimene chinam'lepheretsa si Fizikisi, si Masamu, komanso sindinganene kuti ndi kusadziwa Chingerezi, chifukwa chiganizo chonse anachiwerenga bwinobwino.

Ena akamva izi amati ndiye kuti Chichewa n'choperewera pa sayansi. Ine sindivomereza. Chiyankhulo chilichonse chimadula dziko m'zidutswa zake. Ife tili ndi kusenza, kubereka, kunyamula, kupachika paphewa ndi kukolekera, pamene mzungu amangogwiritsa ntchito liwu limodzi pa zonsezi. Tili ndi kuchapa, kutsuka, kusamba ndi kusukusula, iye ali nalo limodzi. Mwana wa ku Mangalande naye amavutika ndi fosi, eneje ndi pawa, chifukwa kunyumba kwawo mawuwa amawasakaniza. Kusiyana n'kwakuti iye akumva mawu atatu osiyana m'khutu, ndipo zimenezo zimam'chenjeza kuti pali zinthu zitatu. Mwana wathu akatembenuza, chenjezolo limafufutika.

Ndipo si mphamvu yokha. Liwu loti kulemera limaphimba zinthu ziwiri, masi ndi weiti. Masi ndi kuchuluka kwa chinthucho, makilogalamu 50 aja. Weiti ndi kukoka kwa dziko, manyutoni 500. Thumba lomwelo litapita ku mwezi likhoza kupepuka mpaka manyutoni 80 ndi pang'ono, popeza kukoka kwa mwezi ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a kukoka kwa dziko, koma mpunga wake ungakhalebe makilogalamu 50, wokwana kudya masiku omwewo. Kutentha nako kumaphimba ziwiri: msinkhu wa kutentha umene timayeza m'madigiri, ndi kuchuluka kwa moto umene walowa m'chinthu, umene timayeza m'majulu. Kapu ya madzi owira ndi mgolo wa madzi owira zili pa madigiri ofanana, koma funsani amayi kuti chadya nkhuni zambiri n'chiti.

Limene limandisangalatsa kwambiri ndi kusungunuka. Timati mchere wasungunuka m'ndiwo, timatinso fulizesi wasungunuka padzuwa. M'Kemisitiri izi ndi nkhani ziwiri zosiyana, zokhala ndi mayina awiri. Fulizesi wasanduka madzi chifukwa cha kutentha, popanda kum'thira m'chinthu china. Mchere wamwazikana m'madzi, ndipo mukaphwetsa madziwo pamoto muupeza uli mbuu pansi pa poto. Kuti mchere wouma usungunuke ngati fulizesi pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 800, kumene mbaula ya makala yophikira ndiwo sikufikitsa m'poto. Mwana akalemba pa mayeso kuti mchere wachita chimene amachita fulizesi, woyika malikisi amangodula, osadziwa kuti m'mutu mwa mwanayo chithunzi chinali cholondola.

Ndiye munthu woganiza m'Chichewa achite chiyani? Malangizo amene ambiri tinakulira ndi akuti leka kuganiza m'Chichewa. M'masukulu ambiri munali chilango kwa wopezeka akuyankhula Chichewa: kutchetcha, kukolopa, kapena kuvekedwa kanthu m'khosi mpaka atapeza mnzake womupatsira. Chimene ndinaona chikutuluka m'chilango chimenecho ndi kalasi ya zii. Munthu sungamulamule chiyankhulo choganizira. Chimene ndimauza ana anga ndi china: ganizani m'Chichewa ndithu, koma motalika. Lamulo lake ndi limodzi lokha, lakuti liwu la phunziro lisatembenuzidwe ndi liwu limodzi la Chichewa. Litembenuzidwe ndi chiganizo chathunthu.

Kumapeto kwa kope la phunziro lililonse timasiya masamba angapo. Liwu latsopano likabwera, mwana amalikopera kuchokera m'buku chilembo ndi chilembo, osati momwe walimvera. Izi n'zofunika chifukwa khutu lathu linazolowera mavawelo asanu okha, ndipo l ndi r kwa ife ndi liwu limodzi, ndiye tikalemba zomva timawonjezera vawelo kumapeto kapena kusinthanitsa zilembo ziwirizi. Pambali pa liwulo amalemba chizindikiro ndi yuniti yake. Kenaka chiganizo cha Chichewa chofotokoza, chimene sichiloledwa kufanana ndi cha liwu lina m'kopemo. Mtsikana uja analemba kuti fosi ndi "kukankha kapena kukoka kumene kulipo pompano", eneje ndi "zonse zimene zawonongedwa kuti ntchito ithe, posawerengera kuti yatenga nthawi yaitali bwanji", pawa ndi "changu chimene eneje ikuthera". Si matanthauzo a m'buku, ndipo sindingam'lole kuwalemba pa mayeso, koma atatuwa sangasokonezekenso. Pomaliza amaika chitsanzo cha kwawo, ndi chiganizo chimodzi cha Chingerezi chogwiritsa ntchito liwulo, chimene ine ndimachichonga.

Pa zonsezi, bwenzi lenileni la mwana woganiza m'Chichewa ndi yuniti, chifukwa yuniti ilibe chiyankhulo. Ukaona kg, akunena masi. Ukaona N, ndi fosi. J ndi eneje, W ya kumapeto kwa nambala ndi pawa. Ndimawauza kuti asanawerenge funso kachiwiri, azungulize nambala zonse ndi mayuniti ake, kenaka adzifunse kuti yankho likufunika m'yuniti iti. Funso limene latchula masekondi n'kufuna yankho la mawati ladziulula lokha, ngakhale mawu awiri kapena atatu a m'chiganizomo usakuwadziwa. Chenjezo ndi lakuti W imagwira ntchito ziwiri: ikakhala kumanzere kwa fomula ikuimira ntchito yochitika, ya m'majulu, ikakhala pambuyo pa nambala ikuimira mawati. Chaka chilichonse pamakhala wina amene amagwera m'mbuna imeneyi.

Kuno ku Salima tili ndi mwayi wa chitsanzo chooneka ndi maso. Ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa amene anatsegulidwa mu 2021, ndipo amatchulidwa kuti ndi a mamegawati 60. Pa wailesi amati "mphamvu ya magetsi yokwana mamegawati 60". Mayunitsi amene timagula kuti tilowetse m'mita nawo timati tagula mphamvu ya magetsi. Koma mamegawati ndi pawa, changu chimene malowo angatulutsire magetsi dzuwa likakhala paliwombo, pamene yuniti imodzi ya m'mita ndi eneje, yolembedwa kWh, yokwana majulu 3,600,000. Babu la mawati 10 limatha yuniti imodzi m'maola 100. Simbi yositira ya mawati 1,000 imaitha m'ola limodzi. Ndikawauza ana kuti yuniti imodzi ikufanana ndi kukweza matumba 4,800 a mpunga mu lole ija, anyamata amene amachitako ganyu ya kunyamula katundu ku Kamuzu Road amagwira pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo majulu amakhala ndi thukuta.

Kwa kholo, mkulu wake wa mwana, kapena mphunzitsi amene akufuna kuthandiza, choyamba n'kudziwa pamene pathyoka, chifukwa ziro wa pa pepala sanena chimene chamubala. Ine ndimachita mayeso aang'ono a mphindi zisanu. Ndimatenga funso limene mwana walakwa, n'kumuuza kuti andifotokozere m'Chichewa chimene funsolo likufuna, asanayankhe. Akalephera, ndimalifotokoza ine m'Chichewa, n'kumusiya ayankhe pakamwa. Akayankha bwino apa, ndiye kuti phunziro akulidziwa, chathyoka ndi kuwerenga funso. Akalifotokoza bwino funsolo n'kuyankhanso bwino pakamwa, koma pa pepala analemba zosamveka, chathyoka ndi kulemba. Akalephera ngakhale m'Chichewa, ndiye kuti phunzirolo silinalowe, ndipo kum'patsa makalasi apadera a Chingerezi n'kuthira mankhwala pa mwendo wosatupa.

Pali gulu lachinayi limene limanyenga kwambiri: mwana amene amalakatula tanthauzo la m'notsi m'Chingerezi chosalala, osaphonya ngakhale liwu limodzi. Muuzeni atseke kope afotokozere agogo ake m'Chichewa, mudzaona. Mnyamata wina anandilakatulira tanthauzo la pawa mosadodoma. Nditam'funsa kuti, "Iwe, tandiuza m'Chichewa, pakati pa njinga yamoto ndi ngolo ya ng'ombe zokwera chitunda chimodzi ndi katundu wofanana, pawa yambiri ili kuti?" anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Zimenezo sizili mu notsi, Sala." Ana otere amakhoza mafunso ofuna tanthauzo, a malikisi amodzi kapena awiri, n'kugwa pa mafunso ofuna kufotokoza chifukwa, amene amanyamula malikisi ambiri.

Ife aphunzitsi tili ndi mlandu wathu pano. Timaona kuti ana sakumva, ndiye timafotokoza phunziro lonse m'Chichewa, ana n'kumagwedeza mitu, kuseka, kuyankha. Belu litatsala pang'ono kulira timalemba notsi za Chingerezi pabolodi kuti akopere. Mwana amatuluka ndi zinthu ziwiri zosalumikizana, kumvetsa kwa Chichewa m'mutu ndi notsi za Chingerezi m'kope, ndipo mlatho wapakati palibe amene wam'mangira. Kusakaniza ziyankhulo m'kalasi si kulakwa, ine ndimachita tsiku lililonse. Kulakwa n'kusasiya mphindi khumi zoti mwana yekha anene, kenaka alembe, m'Chingerezi chake chophotchoka, chimene wangomvetsa m'Chichewa.

Kulemba kumeneku si kovuta monga ana amaopera, chifukwa mayankho a sayansi amayenda m'timisewu tochepa. Pali chiganizo chonena kuti ichi chikachuluka, icho chimachulukanso kapena chimachepa. Pali chonena kuti ichi chimachitika chifukwa cha icho. Pali choyerekeza zinthu ziwiri, ndi chondondomeka zochita poyesa chinthu mu labu. Mwana akagwira mafupa a ziganizo zimenezi m'Chingerezi, amangosintha nyama. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kuyamba ndi chiganizo chachitali cha Chichewa m'mutu, chokhala ndi "ndiye", "kenaka", "moti", n'kumachitembenuza chonsecho mpaka mneni atasowa. Ndimati adule kaye m'Chichewa momwemo, mfundo imodzi pa chiganizo chimodzi, kenaka atembenuze. Funso la malikisi atatu limafuna mfundo zitatu, osati ndime yokongola. Ndipo liwu loyamba la funso, limene limalamula chochita, alidule mzere kunsi: kutchula chabe, kulongosola momwe chilili, ndi kupereka chifukwa chake ndi malamulo atatu osiyana, koma ana ambiri onsewa amawamva ngati "fotokoza". Taonani, msampha womwe uja wabweranso pakhomo lina.

Njira imeneyi ili ndi malire, ndisakunamizeni. Ndi yochedwa. Mwana amene amayenda makilomita angapo kupita kusukulu, n'kukapeza ntchito kunyumba, sangachite izi pa liwu lililonse la maphunziro onse. Ndimati asankhe mawu amene ali ndi mapasa, awiri kapena atatu amene akugwera pa liwu limodzi la Chichewa, chifukwa ndi amene amaluma. Mayina a zinthu zogwirika, monga zipangizo za mu labu, angoloweza basi. Komanso njirayi imathandiza pa Fizikisi, Kemisitiri, Bayoloje ndi Masamu, pamene mayuniti ndi zithunzi zimakugwira dzanja, koma siingalowe m'malo mwa kuwerenga pa phunziro la Chingerezi lenilenilo. Kumeneko kulibe yuniti yobisalako, ndipo tonse tikudziwa kuti wolephera Chingerezi sapatsidwa setifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza ena onse, pamene ku yunivesite amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezicho. Pamenepo pamafunika kuwerenga nkhani zazitali tsiku ndi tsiku, ngakhale nyuzipepala yakale yokulungira zitumbuwa, mpaka ziganizo zitayamba kubwera zokha osadutsa m'Chichewa.

Mtsikana uja teremu yotsatira anabwera ndi funso lake. Tinali titaphunzira kuti ntchito, m'Fizikisi, imachitika pokhapokha chinthu chikasuntha motsata kumene fosi ikulozera. Iye anati, "Sala, ndiye ndikasenza ndowa ya malita 20 kuchoka pamjigo kukafika kunyumba, njira yosakwera, mutu ukukankhira m'mwamba koma ndowa ikupita kutsogolo. Ndiye kuti sindinagwire ntchito?" Ndinamuuza kuti pa kukoka kwa dziko, ntchito waigwira potukula ndowa kuchoka pansi kufika pamutu, manyutoni 200 kuchulukitsa ndi msinkhu wake, ndipo kuyambira pamenepo ndowayo silandiranso majulu okwerera. Kutopa kwa khosi n'kwenikweni, minofu ikudya eneje, koma eneje imeneyo ikuthera m'thupi mwake ngati kutentha. Anaseka n'kunena kuti amayi ake asamve zimenezi. Kenaka anatsegula masamba a kumapeto kwa kope, pamene kale analemba "ntchito" pambali pa W, n'kufufuta ndi labala, n'kuyamba kulemba chiganizo.